Feshabodi ndi makalera a denga la mamita 12 ku Ulongwe: mndandandawu wakwana?

Bambo a Tadala (Ulongwe): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa odziwa za madenga. Nyumba yanga malata akhomedwa kale, chatsala ndi feshabodi, thabwa lotseka m'mphepete mwa denga lija, ndi makalera olandira madzi m'mphepete mwa malata, ndipo ndikufuna zitheke mvula ya Novembala isanatipeze. Khoma m'litali ndi mamita 10 ndi masentimita 80, m'lifupi mamita 7 ndi masentimita 20. Denga ndi la mbali ziwiri, latuluka masentimita 60 kuchokera pa khoma mbali zonse zinayi. Mmisiri amene anakhoma malata wapita ku ntchito ina ku Tsangano, foni yake sikugwira, koma anandisiyira kapepala: matabwa 6 a mamita 4, makalera apulasitiki 6 a mamita 4, mabulaketi 24, mapaipi otsitsa madzi awiri. Loweruka ndikupita ku feraje, sitolo ya zipangizo zomangira. Zakwana zimenezi?

Aphunzitsi a ku Domwe: Zakwana, achimwene. Khoma mamita 10.8, kuphatikiza masentimita 60 uku ndi 60 uko, ndi mamita 12. Mbali ziwiri, mamita 24. Matabwa 6 a mamita 4 ndi mamita 24 ndendende. Makalera chimodzimodzi. Mmisiri wanu masamu amawadziwa.

NaNkhoma: Kodi malatawo munagula ku Tete kapena munakatenga ku Dedza? Ine ndikufuna 30, ndiuzeni kotchipa.

Bambo a Tadala (Ulongwe): Ndikuyankhani kumbali, mayi, tithane kaye ndi izi.

Meshitiri Zuze: Aphunzitsi, mamita 12 aja mwawapeza bwino, koma kapepalako sikanakwane. Tisanapite patali, Bambo a Tadala, ndiuzeni zinthu zitatu. Mathirasi atalikirana bwanji? Msonga ya denga yakwera bwanji kuchokera pamwamba pa khoma? Ndiponso malata apitirira nsonga za mathirasi ndi masentimita angati? Musayankhe za m'mutu, kwerani ndi tepi.

Bambo a Tadala (Ulongwe): Ndakwera ndi mnyamata wanga. Mathirasi alipo 10, atalikirana mita imodzi ndi masentimita 20, yoyamba ndi yomaliza zili pa makoma a m'mbali. Msonga yakwera mita imodzi ndi theka. Malata apitirira ndi masentimita 8.

Meshitiri Zuze: Chabwino, tiyambe ndi matabwa, chifukwa kalera amatsata thabwa. Thabwa likakhota, kalera akhota nalo.

Feshabodi siikhomedwa m'malere, imakhomedwa pa nsonga za mathirasi. Ndiye pamene matabwa awiri akumana payenera kukhala thirasi kumbuyo kwake, kuti mutu wa lililonse upeze pokhomera. Yezani kuchokera pa kona ya denga. Thirasi yoyamba ili pa masentimita 60, yachiwiri pa mita 1.8, kenako 3.0, 4.2, 5.4, 6.6, 7.8, mpaka yomaliza pa 11.4. Tsono ikani thabwa la mamita 4 kuyambira pa kona. Likuthera pa 4.0, pamene thirasi ili pa 4.2. Laperewera ndi masentimita 20. Lachiwiri likuthera pa 8.0, thirasi ili pa 7.8, lapitirira. Malumikizidwe onse awiri agwera pamphepo. Amisiri ambiri amangokhoma kachidutswa kumbuyo nkumati zatha. Chaka choyamba zimaoneka bwino. Kalera akadzaza madzi kangapo, pamenepo ndi pamene pamafwamphuka, ndipo kalera amapanga chithaphwi pomwepo.

Matabwa a mamita 4 mukafuna kuti agwere pa mathirasi, muyenera kuwadula: loyamba mamita 3, awiri otsatira mamita 3.6, ndi chidutswa cha mita 1.8 chomalizira. Ndiye kuti mbali iliyonse yadya matabwa atatu ndi theka. Mbali ziwiri ndi matabwa 7, osati 6, ndipo zidutswa zotaya zachuluka.

Aphunzitsi a ku Domwe: Ndamva. Koma kusiyana kwake ndi thabwa limodzi lokha, a Meshitiri. Si nkhani yoti munthu nkulephera kugona.

Meshitiri Zuze: Limodzi lokha kutsogolo ndi kumbuyo. Nanga mbali ziwiri zamsonga zija, zokwera ngati chilembo A? Kapepalako sikanaziwerenge nkomwe. Kumeneko kumafunikanso matabwa anayi otseka mitu ya mabarote, mitengo yopingasa imene malata amakhomedwapo, apo ayi mphepo ya mkuntho imalowa pansi pa lata lomaliza nkulikanganula. Ndipo thabwa la kumeneko ndi lalitali kuposa mmene mukuonera muli pansi. Pansi pake ndi mamita 4.2, theka la nyumba kuphatikiza potuluka paja, koma chifukwa chopendekeka limakwana mamita 4 ndi masentimita 55. Pamsonga podula mopendeka kuti awiri akumane bwino mumatayanso pafupifupi masentimita 10. Ndiye la mamita 4 silifika. Pamafunika la mamita 4.8, kapena mulumikize pa barote.

Uphungu wanga ndi uwu, Bambo a Tadala. Kwanuko ocheka matabwa a paini alipo. Musagule odulidwa kale. Pitani kwa wocheka mumuuze miyeso yanu: matabwa anayi a mamita 4.2, awiri a mamita 3.6, anayi a mamita 4.8. Mbali yaitali iliyonse idzakhala 4.2, kenako 3.6 pakati, kenako 4.2, ndipo malumikizidwe adzagwera pa thirasi yachinayi ndi yachisanu ndi chiwiri. Muuzeni aonjezere masentimita 10 pa lililonse, chifukwa mitu ya matabwa imakhala yong'aluka ndipo mudzaidula. Mulifupi masentimita 22 kapena kuposerapo pang'ono, kuchindikala masentimita awiri ndi theka akapala kale.

Chikondi wa ku Zobwe: Bwanji osangogula feshabodi ya simenti ija, yoyera? Siiola, chiswe sichiidya. Ine ndinaika imeneyo, zaka zadutsa sindinaipakenso penti. Matabwa a masiku ano amadulidwa mitengo isanakhwime.

Meshitiri Zuze: Ya simenti ndi yabwino ku mvula, sinditsutsa. Vuto lake ndi lakuti ndi yopyapyala, sentimita imodzi ndi pang'ono, ndipo parafuzu, msomali wopotera uja, saluma bwino mwa iyo. Pa denga ili mathirasi atalikirana mita 1.2, pamene mabulaketi ayenera kuyandikana kuposa pamenepo, ndiye theka la mabulaketi lidzagwera pakati pomwe kumbuyo kulibe thirasi. Pa thabwa lochindikala palibe nkhawa. Pa ya simenti muyenera kuyamba mwakhoma barote kumbuyo kwake utali wonse, kuti maparafuzu aboole simenti nkukaluma mtengo. Inu munatero?

Chikondi wa ku Zobwe: Ayi, ine makalera ndilibe, madzi amangogwera pa khonde la simenti.

Meshitiri Zuze: Ndiye nchifukwa chake simunaone vuto, mphwanga.

Mayi a Fatima (Moatize): Pepani ndilowerere ndi langa. Ine makalera ndinaika chaka chatha, apulasitiki, koma mvula ikagwa yamphamvu madzi amawadumpha nkukagwera patsogolo, ngati palibe chilichonse. Mvula yowaza yokha ndi imene amalandira. Komanso pakati apindika, madzi amatsalamo, ndipo fumbi la malasha lakhala matope akuda. Mwezi wathawu ndinapezamo timphutsi ta udzudzu. Ndiwachotse ndigule aakulu?

Meshitiri Zuze: Musathamangire kugula, mayi. Tumizani mwana ayeze kuti lata latuluka masentimita angati kupitirira feshabodi, ndiponso kalera ndi wotambalala bwanji pakamwa. Awerengenso mabulaketi mbali imodzi.

Mayi a Fatima (Moatize): Akuti lata latuluka masentimita 11. Kalera pakamwa ndi 12 ndi theka. Mabulaketi alipo 7 pa mamita 9.

Meshitiri Zuze: Matenda ndi awiri, ndipo kukula kwa kalera si amodzi mwa iwo. Lata lanu laphimba pafupifupi kalera yense, nsonga yake ili pa mlomo wakunja. Madzi ochepa amadontha molunjika pansi nkulowa. Madzi ambiri amabwera ndi liwiro, ndiye amaulukira kunja. Lata liyenera kulowa m'kalera masentimita 5 okha, kuti madzi agwere chapakati. Njira zilipo ziwiri: kudula malata onse mzere umodzi, kapena kukhoma barote wa masentimita 5 pa feshabodi nkusamutsira mabulaketi pa iye kuti kalera atuluke. Ine ndimakonda yachiwiri. Kudula lata ndi chopukusira kumawotcha chokutira choteteza lata chija, ndipo dzimbiri limayambira pamenepo.

Kupindikako ndi mabulaketi. Asanu ndi awiri pa mamita 9 ndiye kuti atalikirana mita imodzi ndi theka. Ndi dzuwa la ku Moatize la mu Okutobala, lopitirira madigiri 40, pulasitiki imafewa nkugona pakati pa bulaketi ndi bulaketi, ndipo ikagona siidzukanso. Zidutswa zopindikazo musinthe, zinazo zisungeni.

Bambo a Tadala, inu muli bwino pamenepa. Masentimita 8 aja mukachotsapo kuchindikala kwa thabwa atsala 5 ndi theka.

Bambo a Tadala (Ulongwe): Zikomo, a Meshitiri. Ndiye mabulaketi anga 24 aja?

Aphunzitsi a ku Domwe: Amene amagulitsa amati bulaketi pa mita iliyonse. Mamita 24, mabulaketi 24. Apanso kapepalako sikananame.

Meshitiri Zuze: Mita imodzi ndi malire, si muyeso woti muzitsata. Ine pa pulasitiki ndimaika pa masentimita 60 alionse. Taganizani kulemera kwake: kalera wa masentimita 12 ndi theka akadzaza amanyamula malita pafupifupi 6 pa mita iliyonse, ndiye makilogalamu 6, osawerengera matope ndi masamba. Ku Angoniya kumagwanso matalala nthawi zina, ndipo amaunjikana m'kalera momwemo.

Aphunzitsi a ku Domwe: Chabwino, 12 kugawa ndi 0.6 ndi 20. Mbali ziwiri 40.

NaNkhoma: Aphunzitsi, mukabzala mitengo ya mpanda mipata 20, mitengo imakhala 21. Ngakhale ine wa ku sukulu ya kwacha ndikudziwa.

Aphunzitsi a ku Domwe: Hahaha, mwandigwira, mayi. 21.

Meshitiri Zuze: Eya, 21. Kuonjezera apo, paliponse pamene pali cholumikizira kapena potulukira madzi pamafunika bulaketi pafupi, osapitirira masentimita 15, chifukwa ndi pamene kalera ali wofooka. Ena mwa 21 aja adzagwera pomwepo okha, ena ayi. Gulani 24 pa mbali iliyonse, onse 48. Mwina mmisiri wanu analemba za mbali imodzi nkuiwala kuwirikiza. Bulaketi iliyonse maparafuzu awiri osachita dzimbiri, osati misomali. Msomali umazuka pang'onopang'ono thabwa likamauma ndi kunyowa.

Malume a ku Furankungu: Ana inu mukuvutika ndi pulasitiki chifukwa chiyani? Pitani kwa okhoma ndowa pa msika akupindireni makalera a lata. Anga anapindidwa kalekale, alipobe. Mabulaketi anawotcherera ndi chitsulo chafulati, pa mita iliyonse, munthu mpaka kutsamiritsapo makwerero.

Meshitiri Zuze: Malume, a lata ndimawalemekeza, makamaka kotentha ngati ku Tete ndi ku Moatize. Koma zimatengera lata limene wapinda. Ena amatenga lopyapyala la ndowa, zaka zochepa labooka pansi. Likhale la theka la milimita. Chinanso, lata lafulati limabwera lotalika mamita 2.44, ndiye pa mamita 12 pamalowa zidutswa zisanu, zolowana masentimita 5 polumikiza, ndipo zimakwana ndendende popanda chotsala. Malumikizidwe anayi mbali iliyonse, paliponse pofunika mariveti ndi silikoni, chidutswa chakumtunda chikhale pamwamba pa chakumunsi. Mmisiri akalowetsa mozondoka, madzi amalowa pansi pa msoko nkumadontha mpaka kalekale.

Malume a ku Furankungu: Anga sadontha. Anamata ndi mtovu, osati zamasiku ano za m'chubu.

Meshitiri Zuze: Womata ndi mtovu mukamupeza ku Ulongwe, mundipatse nambala yake kumbali, ndikumufuna.

Joakimu (Lilongwe): Moni akuluakulu, ine ndi mwana wa ku Ulongwe konko koma ndimagwira ntchito ya mipope kuno. Pulasitiki ili ndi khalidwe limodzi limene anthu saliganizira. Imatalika kukatentha, imafupika kukazizira. Chidutswa cha mamita 4 chimatha kusuntha pafupifupi sentimita yathunthu pakati pa m'mawa wa mu Juni ndi masana a mu Okutobala. Nchifukwa chake zolumikizira zake zili ndi labala komanso kamzere kosonyeza pofikira kalera. Musakankhe mpaka kugunda, musamate ndi guluu wa mapaipi, ndiponso musaboole kalera ndi parafuzu kuti agwire pa thabwa. Azitsetsereka m'mabulaketi mwake. Mukammanga, adzang'aluka kapena adzatuluka m'cholumikizira.

Mayi a Fatima (Moatize): Anga anamata ndi guluu paliponse. Ndiye kulira kuja ndimamva masana, thethethe, ndi kumeneko?

Joakimu (Lilongwe): Ndi kumeneko, mayi. Akulimbana ndi mabulaketi.

Bambo a Tadala (Ulongwe): Tsopano za mapaipi otsitsa. Awiri akwana, imodzi kutsogolo imodzi kumbuyo? Ndinaganiza zoti onse athire kumbali ya kukhitchini, chifukwa mayi a kunyumba akufuna thanki ya madzi ochapira.

Meshitiri Zuze: Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni. Tiwerenge madzi kaye. Mbali imodzi ya denga, mukaiyang'ana kuchokera kumwamba, ndi mamita 12 kuchulukitsa ndi 4.2, pafupifupi masikweya mita 50. Mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Mvula yamabingu ya mu Januwale, ija yogwa mphindi khumi ngati akukhuthula, tiiyese kuti ikugwa pa liwiro la mamilimita 100 pa ola. Ndiye kuti mbali imodzi ikutsitsa malita 5,000 pa ola, kapena lita imodzi ndi theka kuchepera pang'ono pa sekondi iliyonse. Ndowa ya malita 20 kudzaza m'masekondi 15 osakwana.

Kalera wozungulira pansi wa masentimita 12 ndi theka, wokhala ndi potulukira pamodzi kumapeto, mphamvu yake imathera pomwepo. Mvula ikaposa apo, kapena masamba a mango akatseka pang'ono, asefukira. Ndipo amasefukira mbali zonse, kunja ndi kumbuyo komwe, kunyowetsa feshabodi ija mwaigula modula. Mukaika mapaipi awiri mbali iliyonse, kalera akwere pakati nkutsikira uku ndi uko, theka lililonse limanyamula theka la madzi, ndipo mumagona mtima uli m'malo. Ndiye mapaipi anayi, osachepera masentimita 7 ndi theka kukula kwake.

Pali chifukwa chachiwiri. Kalera amafunika kutsetsereka, ine ndimapatsa theka la sentimita pa mita iliyonse. Mamita 12 kupita mbali imodzi ndi masentimita 6. Kumapetoko kalera amakhala atatsika kutali ndi lata, madzi othamanga nkumamudumpha ngati kwa Mayi a Fatima, ndipo pa thabwa amaoneka wopendama, aliyense wodutsa nkumati nyumba yakhota. Kuchokera pakati ndi masentimita atatu okha, diso siliona.

Aphunzitsi a ku Domwe: Bwanji paipi imodzi pakati penipeni, makalera atsikire kumeneko? Madzi agawikanso pawiri, mapaipi akhala awiri okha.

Meshitiri Zuze: Nzeru imeneyo ndi yoona, aphunzitsi, kalera amapepukidwa chimodzimodzi, bola paipiyo ikhale yaikulu, ya masentimita 11, popeza madzi onse a mbaliyo adutsa mwa iyo. Funso ndi lakuti pakati pa khomalo pali chiyani.

Bambo a Tadala (Ulongwe): Kutsogolo pali chitseko, kumbuyo zenera la kuchipinda.

Meshitiri Zuze: Ndiye zakanika.

Joakimu (Lilongwe): Ine pa thanki ndikusiyana nanu pang'ono, a Meshitiri. Mbali yakumbuyo aike kalera wamkulu wa masentimita 15, atsetserekere mbali imodzi ya kukhitchini, paipi imodzi ya masentimita 11 kulowa m'thanki. Wa 15 amanyamula malita awiri pa sekondi, malo alipo. Kutsetsereka achepetse, mamilimita atatu pa mita akwana ngati chingwe chakokedwa bwino, ndiye kutsika konse sikufika masentimita anayi. Kumbuyo kulibe amene amayang'anako. Mukagawa pawiri, theka la madzi likupita kumene kulibe thanki.

Meshitiri Zuze: Pa pepala zikutheka. Koma mamilimita atatu pa mita amafuna thabwa lowongoka ndi mmisiri wodekha. Paini wosauma bwino akangopotoka pang'ono, kutsetsereka konseko kwatha, madzi aima. Komanso wa 15 ndi zolumikizira zake sapezeka paliponse. Ukathyola bulaketi imodzi, uyenda mpaka ku Tete kapena kuwoloka pa Kalomwe kukaifuna. Ine ndikanagawa pawiri, thanki ilandire theka. Masikweya mita 25 pa mvula ya mamilimita 20 ndi malita 500 tsiku limodzi. Ochapira achepa pamenepo?

Joakimu (Lilongwe): Mu Januwale sachepa. Koma mvula zomaliza za mu Epulo ndi zimene umafuna kukolola dontho lililonse, chifukwa ndi madzi okulowetsa m'chilimwe.

Bambo a Tadala (Ulongwe): Thankiyo sindinagule, ndipo sindikudziwa ngati chaka chino ndikwanitse, feteleza akudikiranso. Mwina ndiyambe ndi mapaipi anayi aja.

Joakimu (Lilongwe): Mukadzafuna kusintha mudzazula mabulaketi onse a kumbuyo. Ganizani kawiri lisanafike Loweruka.

NaNkhoma: Kwathu tinangomanga unyolo pa bowo la kalera, madzi amatsika nawo kulowa mu mgolo. Paipi sitinagule.

Meshitiri Zuze: Unyolo umagwira pa mvula yofatsa, mayi. Pa yamphepo madzi amamwazikira pa khoma, pulasitala nkuyamba ndere.

Bambo a Tadala, pali kanthu kena kamene amisiri amakazindikira atadula kale. Denga lanu latuluka masentimita 60 kumbalinso, ndiye mapeto a kalera ali pamphepo, kumbuyo kwake kulibe khoma. Mukaika potulukira madzi kumapeto kwenikweni, paipi ilibe pogwira. Mulowetse mkati masentimita 75 kapena 80 kuchokera kumapeto, kuti iyang'anizane ndi khoma pafupi ndi kona. Pamenepo ndiye pakhale potsikitsitsa, ndipo kachidutswa kotsala kumapeto kaweramire komweko, kali ndi chotsekera chake. Tandiuzani, kuchokera pansi kufika pa nsonga ya lata ndi mamita angati?

Bambo a Tadala (Ulongwe): Mamita awiri ndi masentimita 80.

Meshitiri Zuze: Paipi siitsika molunjika, iyenera kubwerera ku khoma masentimita 60 aja. Mudzaika zigongono ziwiri za madigiri 45 ndi chidutswa chopendeka pakati, cha masentimita 80 kapena kuposa pang'ono, kenako chidutswa choima cha mamita awiri, ndi chigongono chachitatu pansi chotayira madzi kutali ndi khoma. Paipi iliyonse idya pafupifupi mamita atatu. Ngati ku feraje ali ndi za mamita 6, ziwiri zikwana zonse zinayi, koma dulani mosamala chifukwa chotsala palibe. Zigongono 12. Zomangira ku khoma zitatu pa paipi iliyonse, chimodzi pansi penipeni pa chigongono chapamwamba, china pakati, china chakumunsi, zonse 12. Pewani zigongono za madigiri 90 pamwambapo, masamba amakodwa pamenepo ndipo simungaone mpaka tsiku losefukira.

Pansi pake musasiye dothi. Madzi a masikweya mita 25 akamagwera malo amodzi amakumba dzenje m'mphepete mwa maziko. Kangalande ka simenti kotalika mita imodzi ndi theka, kolozera ku munda.

Chikondi wa ku Zobwe: Thabwalo alipake oyilo wakuda wa galimoto, chiswe sichiyandikira.

Mayi a Fatima (Moatize): Pamalo podutsa madzi a thanki? Komanso penti sigwira pa oyilo, feshabodi idzakhala yakuda mpaka muyaya.

Meshitiri Zuze: Mayi anena zoona. Aliumitse pamthunzi litagona pa mabarote, alipake penti yoyambira mbali zonse ndi mitu yomwe lisanakwere, chifukwa kumbuyo ndi kumitu simudzafikakonso, ndipo ndi kumene kuola kumayambira. Penti yomaliza apake asanaike mabulaketi.

Poika, yambani ndi bulaketi yapakati, ikwere mpaka kalera atsale pang'ono kukhudza lata. Gonekani kathabwa pamwamba pa lata kutsata kupendekeka kwake: mlomo wakunja wa kalera ukhale pansi pa kathabwako ndi sentimita imodzi kapena ziwiri. Kenako tengani paipi yoonekera mkati ija yoyezera levulo ndi madzi, musamutse levulo ya pakati kupita pa malo a potulukira, mutsike masentimita awiri ndi theka kapena atatu, muike bulaketi pamenepo. Kokani chingwe pakati pa ziwirizi, ena onse atsate chingwe. Musayezere kuchokera m'mphepete mwa feshabodi kapena pa malata, zimenezo sizikhala pa levulo ngakhale zioneke zowongoka. Mukamaliza thirani ndowa ya madzi pakati. Pamene patsale madzi opitirira kunyowa chabe, bulaketi ya pamenepo yatsika, ikwezeni tsiku lomwelo.

Bambo a Tadala (Ulongwe): Ndalemba motere, mundikonze. Kwa wocheka: matabwa anayi a 4.2, awiri a 3.6, anayi a 4.8, lililonse kuonjezera masentimita 10. Ku feraje: makalera 6 a mamita 4, zolumikizira 4, zotulutsira madzi 4, zotsekera kumapeto 4, mabulaketi 48, mapaipi awiri a mamita 6, zigongono 12, zomangira ku khoma 12, maparafuzu.

Meshitiri Zuze: Zili bwino. Maparafuzu a mabulaketi okha ndi 96, tengani bokosi la 100 ndi ena apadera, ndi a ku khoma 24 okhala ndi mapulagi ake. Zonse za kalera mugule malo amodzi, mtundu umodzi, ndipo muyese kulowetsa bulaketi ndi cholumikizira pa kalera muli m'sitolo momwemo. Za ku Joni ndi za kwina zimalembedwa muyeso wofanana koma milomo yake imasiyana.

Aphunzitsi a ku Domwe: Makalera 6 aja ndiye anali olondola kuyambira pachiyambi. Chimodzi ndinakhoza.

Joakimu (Lilongwe): Ngati atsatire za a Meshitiri, inde. Ngati asankhe wa 15 kumbuyo, atatu okha a 12 ndi theka, ndipo mabulaketi 24 akhale a muyeso winawo. Bambo a Tadala, mukafika ku feraje mufunse ngati wa 15 alipo ndi zolumikizira zake, mutiuze mtengo wake tisanatsutsane zambiri.

Bambo a Tadala (Ulongwe): Ndikafunsa. Koma wocheka matabwa wandiyankha kuti a 4.8 alibe ouma, angadule mawa koma aawisi. Ndidikire, kapena ndilumikize awiri pa barote?

Meshitiri Zuze: Kumsongako sikunyamula kalera, lumikizani ouma pa barote, msoko muudule mopendeka kuti lakumtunda liphimbe lakumunsi. Aawisi musakhome. Yezani kaye kuti mabarote anu ali pa mamita angati kuchokera pamsonga, mutumize pano, tione utali woti muitanitse.